Holide ikagwera pa tsiku lanu lopuma: mafunso ndi mayankho pa kawerengedwe ka malipiro

Kuno ku chigwa cha Shire ntchito zambiri siziima Lamlungu. Nzimbe za ku Nchalo zimafuna madzi tsiku ndi tsiku, alonda salekeza kulondera, ndipo malo ogona alendo ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje satseka. Choncho anthu ambiri amapuma mkati mwa sabata, wina Lachiwiri, wina Lachitatu, ndipo chaka sichitha holide isanagwere pa ofu ya munthu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa antchito, akapitawo ndi makalaliki okonza malipiro. Mayankho atsamira pa lamulo la za ntchito la 2000 ndi lamulo la maholide. Ndalama za m'zitsanzo ndi zongoyerekeza, inu muikepo zanu.

1. Kodi tsiku lopuma ndi holide si chinthu chimodzi?

Ayi, ndi zinthu ziwiri zochokera kosiyana. Tsiku lopuma, lomwe ambiri timangoti ofu, ndi lanu inuyo. Gawo 36 la lamulo la za ntchito limaletsa bwana kugwiritsa munthu ntchito masiku oposa 6 otsatizana osamupatsa maola 24 athunthu opuma. Tsikulo likhoza kukhala lomwe anthu anazolowera, monga Lamlungu, kapena lina lililonse limene mwagwirizana.

Holide ndi ya dziko lonse: 1 Januwale, tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale, tsiku la ofera dziko pa 3 Malichi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 1 Meyi, tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi, 6 Julaye, tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake, komanso Idi yotseka mwezi wa Ramadani. Kapitawo angathe kusuntha ofu yanu mutagwirizana, koma holide sangaisunthe.

2. Holide yagwera pa ofu yanga ndipo sindinapite kuntchito. Pali ndalama yoonjezera?

Lamulo silinaike ndalama yoonjezera pamenepa. Ovataimu imalipiridwa pa maola amene munthu wagwira, ndiye ngati munakhala pakhomo palibe ola loti lichulukitsidwe. Wolandira pamwezi alandira malipiro ake athunthu monga mwa nthawi zonse, osachotsedwa kanthu komanso osaonjezeredwa.

Tikudziwa kuti yankho limeneli limawawa. Mnzanu amene amapuma Lamlungu wapuma kawiri sabata imeneyo, inu kamodzi kokha. Kudandaulako n'komveka, ndipo njira yake ili pa funso 7.

3. Nanga akandiitana kuti ndikagwire tsiku limenelo?

Apa ndiye pali ndalama. Gawo 39 limagawa ovataimu patatu. Yoyamba ndi ya maola opitirira pa tsiku wamba la ntchito, ndipo ola lililonse limalipiridwa kamodzi ndi theka. Yachiwiri ndi yogwira pa tsiku limene mukanakhala pa ofu, ndipo ola limalipiridwa kawiri. Yachitatu ndi yogwira pa holide, nayonso kawiri. Lamulo limati malipirowo asachepere pamenepo, kutanthauza kuti bwana ali ndi ufulu wopereka zambiri koma osati zochepa.

Tsiku limene ndi ofu komanso holide likugwera m'magulu awiri omalizawo, ndipo onse akunena zofanana. Ola lililonse limene mwagwira, kuyambira loyamba, lilipiridwe kawiri.

4. Ndiye popeza ndi ofu komanso holide, si kanayi?

Funso limeneli ndi limene limayambanitsa anthu kwambiri pa tsiku la malipiro. Maganizo ake amamveka bwino: kawiri ka ofu, kawiri ka holide, kuphatikiza kanayi. Koma gawo 39 silinanene kuti magulu awiriwa akakumana aziphatikizidwa kapena kuchulukitsana. Ola ndi limodzi, ndipo mlingo wotsikitsitsa umene lamulo likukupatsani ndi kawiri. Mukapita ku ofesi ya leba mutalemba kanayi popanda pepala lililonse lokuikirani kumbuyo, mudzabwerako okhumudwa.

Pepala lokuikirani kumbuyolo lingakhale kontirakiti yanu, buku la malamulo a pakampani, kapena mgwirizano wa pakati pa yuniyoni ndi olemba ntchito. Ngati limodzi mwa amenewa likunena kuti tsiku loterolo lilipiridwa katatu, kapena kawiri ndi tsiku lina lopuma pamwamba, zimenezo ndiye zimagwira ntchito, chifukwa zaposa za lamulo. Amene muli m'yuniyoni funsani nthumwi yanu ikuonetseni ndime yake, muiwerenge nokha.

Chofunika kuchilondola si kanayi ayi. Ndi chakuti kawiriko kabwere konse, kawerengedwe pa ola lolondola, ndipo kupuma kwanu kusatayike. Ndalama za anthu zimathera pamenepa.

5. Ndiwerengera bwanji? Tipatseni chitsanzo.

Tiyerekeze bambo wothirira nzimbe pa munda wina kufupi ndi Nchalo. Amalandira K156,000 pamwezi, amagwira masiku 6 pa sabata, maola 8 pa tsiku, ndipo ofu yake ndi Lachitatu. Mu 2025 tsiku la anakubala, 15 Okutobala, linali Lachitatu. Okutobala wa kuno mukumudziwa, dzuwa limaswa mtengo ndipo madzi sangadikire mawa, ndiye kapitawo anamuitana ndipo anagwira kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana.

Choyamba ndi kupeza malipiro a tsiku limodzi. Munthu wa masiku 6 pa sabata amawerengeredwa masiku 26 pamwezi. Kenako tsikulo ligawidwe ndi maola ake.

```
K156,000 ÷ 26 = K6,000 pa tsiku
K6,000 ÷ 8 = K750 pa ola
K750 × 2 × 8 = K12,000
```

Mwezi umenewo malipiro ake onse, asanadule msonkho ndi zina, akhale K168,000. Akanagwira maola 5 okha ikanakhala K7,500. Akanagwira maola 10 ikanakhala K15,000, chifukwa pa tsiku lotere maola awiri opitirirawo sabwerera ku kamodzi ndi theka, onse ndi a kawiri.

Tsopano tengani peyisilipi muyang'ane mzere wa ovataimu. Nambala imene ili pamenepo imaulula yokha pamene palakwika. Mukaona K9,000, kalaliki wawerengera kamodzi ndi theka ngati tsiku wamba. Mukaona K10,400, wagawa malipiro ndi masiku 30 m'malo mwa 26, zomwe zatsitsa ola kufika pa K650. Mukaona K6,000, werengani funso lotsatirali.

6. Abwana akuti theka la "kawiri" lili kale m'malipiro a pamwezi, ndiye angoonjezera K6,000. Akulondola?

Pa tsiku la ofu sakulondola, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino kuti muthe kuchifotokoza modekha.

Holide ikagwera pa tsiku limene mumagwira kale, tinene Lachinayi, tsikulo lili m'gulu la masiku 26 aja amene malipiro a pamwezi akulipira. N'chifukwa chake malo ena a ntchito amati gawo loyamba mwalandira kale, ndipo amaonjezera limodzi kuti zikwane kawiri. Malo ena amaonjezera kawiri konse pamwamba. Kusiyana kumeneko kumathetsedwa ndi zimene zinalembedwa pamalopo.

Koma ofu siili m'masiku 26. Miyezi yambiri ili ndi masiku 30 kapena 31, ndipo anayi kapena asanu otsalawo ndi ma ofu anu, amene sanawerengeredwe pogawa paja. Ngati K6,000 yapezeka pogawa ndi 26, ndiye kuti Lachitatu lija silinalipiridwe ngakhale tambala imodzi. Palibe theka limene "lili kale". Bwana sangagawe ndi 26 pofuna kupeza ola, kenako n'kutembenuka kunena kuti ofu inalipiridwa kale. K12,000 yonse ionekere payokha pamwamba pa K156,000.

Wina akakayikira za 26, muonetseni mmene boma limalengezera malipiro otsikitsitsa. Pamene anali K50,000 pamwezi mu 2021, a tsiku anali K1,923.08. Atafika pa K90,000 mu 2024, a tsiku anali K3,461.54. Gawani nokha muone: zonsezi zatuluka pogawa ndi 26.

7. Kodi ndiyenera kupatsidwa tsiku lina lopuma m'malo mwa holide imene yandidutsa?

Pali nkhani ziwiri pano zimene anthu amazisakaniza.

Ngati simunagwire, munapuma ofu yanu bwinobwino, lamulo la za ntchito silikakamiza bwana kukupatsani tsiku lina. Malo ena amapereka mwa mgwirizano wawo, ndipo ife tikuona kuti ndi chilungamo kutero, chifukwa wogwira mashifiti asamalandire maholide ochepa kuposa wa mu ofesi pa chifukwa chongoti ofu yake ili mkati mwa sabata. Koma chimenechi ndi chokambirana, ndipo nthawi yabwino yochikambirana ndi kumayambiriro kwa chaka kapena kwa nyengo yodula nzimbe, kalendala ili patebulo, osati holide itadutsa kale.

Ngati munagwira, nkhani yasintha. Bambo wa pa funso 5 anayamba sabata yake Lachinayi, n'kugwira mpaka Lachiwiri, masiku 6. Lachitatu lija linali lachisanu ndi chiwiri. Akapitiriza mpaka Lachitatu linalo ndiye kuti wagwira masiku 13 osapuma, m'kutentha kwa Okutobala. Gawo 36 silinalembe kuti ndalama ingagule kupuma kumeneko. K12,000 ndi malipiro a thukuta la tsikulo, maola 24 opuma ndi nkhani ina, ndipo apatsidwe mwamsanga. Kapitawo wodziwa ntchito yake amaona holide ikubwera n'kumupumitsa munthuyo Lachiwiri, n'kuonetsetsanso kuti sabata yotsatira masiku asapitirire 6.

8. Anandisinthira ofu kuti ndipume Lachiwiri, ndigwire Lachitatu la holide. Ndiye kuti kawiri kaja kathera pomwepo?

Ayi. Kusinthako kwachotsa dzina la ofu pa Lachitatu, koma holide ikadalipo, ndipo kugwira pa holide ndi kawiri. Chimene chasintha n'chakuti tsopano Lachitatulo lalowa m'masiku anu ogwira, choncho kawerengedwe kake katsata zimene pamalo panu mumachita pa holide wamba, monga tafotokozera pa funso 6.

Samalaninso ndi kusintha kwa mtundu wina: ndandanda ya mashifiti imene nthawi zonse imakankhira ofu yanu pa holide. Mwezi uno mumapuma Lachisanu, koma sabata ya Kamuzu ofu yapezeka pa 14 Meyi, sabata ya anakubala yapezeka pa 15 Okutobala. Zikachitika kamodzi ndi mwangozi. Zikamabwerezeka, jambulani ndandandayo pa foni mwezi uliwonse isanachotsedwe pa bolodi, mukhale ndi poyambira pokambirana.

9. Holide ikagwera Loweruka kapena Lamlungu boma limati tipume Lolemba. Tsiku la kawiri ndi liti?

Titenge chitsanzo cha 2025. Tsiku la ufulu, 6 Julaye, linali Lamlungu, ndipo dziko linapuma Lolemba pa 7 Julaye. Tiyerekeze amayi awiri ogwira pa malo amodzi ogona alendo ku Bangula.

Woyamba ofu yake ndi Lamlungu. Kwa iyeyu zinthu zili bwino: Lamlungu wapuma ofu, Lolemba wapuma holide, palibe chimene chatayika. Akaitanidwa Lamlungu, ndi kawiri chifukwa ndi ofu. Akaitanidwa Lolemba, ndi kawiri chifukwa ndi holide. Akagwira masiku onse awiri, lililonse liwerengedwe palokha.

Wachiwiri ofu yake ndi Lolemba. Uyu ndiye wapsa. Lamlungu pa 6 ndi tsiku lake logwira, ndipo malo ambiri a ntchito amalitenga ngati tsiku wamba popeza holide yapita Lolemba. Lolembalo ndi ofu yake kale. Kusuntha kumene kunapangidwa kuti kuthandize ogwira Lolemba mpaka Lachisanu kwamubweretsera iye vuto lenileni la tsamba lino. Akapuma Lolemba, yankho lake lili pa funso 2 ndi 7. Akagwira, lili pa funso 5.

Kwa olemba ntchito, chinthu chosavuta n'kulemba pa bolodi sabata isanafike kuti tsiku limene liwerengedwe ngati holide ndi liti, ndipo likhale limodzimodzi kwa onse. Mkangano umabuka pamene wina walipiridwa Lamlungu, mnzake wa ntchito yomweyo wauzidwa kuti holide inali Lolemba.

10. Ine ndimagwira masiku 5 pa sabata. Ndigawenso ndi 26?

Ayi, mungadzibere nokha. Ambiri amagawa ndi masiku 22. Wolandira K220,000, wa maola 8 pa tsiku, tsiku lake ndi K10,000 ndipo ola ndi K1,250. Ena amawerengera maola a chaka chonse: maola 40 pa sabata kuchulukitsa ndi masabata 52, kugawa ndi miyezi 12, zomwe zimapereka maola 173 ndi pang'ono pamwezi, ndipo ola limakwera pang'ono kufika cha pa K1,269. Funsani kuti pamalo panu amatsata njira iti, ndipo isamasinthe mwezi ndi mwezi. Masiku anu onse awiri opuma ndi masiku amene mukanakhala kunyumba, ndiye mukaitanidwa lililonse mwa awiriwo ndi kawiri.

11. Ndine mlonda, ndimalowa 6 koloko madzulo n'kutuluka 6 koloko m'mawa. Holide yanga imayamba nthawi yanji?

Holide ndi tsiku la pa kalendala, limayamba pakati pa usiku n'kutha pakati pa usiku. Shifiti yanu imadutsa masiku awiri, choncho njira yoonekera bwino ndi kugawa maola. Mukalowa madzulo a pa 14 Okutobala, maola 6 omaliza, kuyambira 12 koloko usiku mpaka m'mawa, agwera pa holide. Mukalowa madzulo a pa 15, maola 6 oyamba ndiwo a holide.

Makampani ena, pofuna kupewa masamu amenewa, amatenga shifiti yonse kukhala ya tsiku limene yayambira. Njira imeneyi ikhoza kuyenda ngati inalembedwa ndipo imatsatidwa mbali zonse, ikukomereni kapena isakukomereni. Koma ngati usiku umenewo unali ofu yanu ndipo munaitanidwa chifukwa mnzanu sanabwere, kugawa maola sikukufunikanso. Shifiti yonseyo mukanakhala kunyumba, ndiye maola onse 12 ndi a kawiri. Onetsetsani kuti m'buku lolembamo zochitika pageti mwalemba nthawi yolowa, nthawi yotuluka ndi dzina la amene anakuitanani.

12. Nanga ife olipidwa pa tsiku, kapena potengera ntchito imene tamaliza?

Wolipidwa pa tsiku masamu ake ndi achidule: malipiro a tsiku kuchulukitsa kawiri ngati wagwira tsiku lonse, kapena kugawa ndi maola ngati wagwira pang'ono. Wa K6,000 pa tsiku alandire K12,000. Kulembedwa ntchito ya nyengo yokha, monga ya miyezi yodula nzimbe, sikumuchotsa munthu m'gulu la antchito otetezedwa ndi lamuloli.

Kwa odula nzimbe ndi ena amene amapatsidwa gawo la ntchito pa tsiku, vuto ndi lakuti lamulo limayankhula za maola pomwe kumunda amawerenga mizere kapena kulemera. Poyambira pabwino ndi mtengo wa gawo la tsiku limodzi: ngati gawo lokwanira limalipiridwa ngati tsiku lathunthu, pa ofu ya holide gawo lomwelo lilipiridwe kawiri. Mtengowo mumvane musanalowe m'munda, kapitawo aulembe.

Ganyu wa tsiku limodzi amene mwapangana mtengo pomwepo, monga kupalira munda wa munthu kudimba, ndi nkhani ina. Pamenepo palibe ofu yoti holide igwerepo, mtengo ndi umene mwapanganawo.

13. Ndawerengera K12,000 koma ku banki kwaonjezereka yochepa. Andibera?

Musathamangire kutero. Ovataimu imaphatikizidwa ku malipiro a mwezi, ndipo ngati onse pamodzi apitirira mlingo umene sudulidwa msonkho, gawo lina limapita ku msonkho. Poyang'ana ndi pa mzere wa ovataimu, ndalama zisanadulidwe, osati pa zimene zalowa m'manja. Lamulo limafuna kuti wantchito azipatsidwa pepala losonyeza malipiro ake ndi zonse zimene zadulidwa, ndiye ngati simulandira, lipempheni.

Chinanso ndi tsiku lotsekera mabuku. Malo ambiri amatseka kuwerengera ovataimu mwezi usanathe, ndipo maola a pambuyo pake amalowa mwezi wotsatira. Khirisimasi ndi tsiku lotsatira lake nthawi zambiri zimaonekera pa malipiro a Januwale. Funsani kalaliki tsiku limene amatseka.

14. Ndaonetsetsa kuti sanandilipire bwino. Ndiyambire pati?

Yambani ndi pepala limodzi. Lembanipo deti, tsiku la sabata, nthawi yolowa ndi yotuluka, amene anakuitanani, ndi masamu atatu aja a pa funso 5 ndi manambala anu. Phatikizani peyisilipi ndi chithunzi cha ndandanda yosonyeza kuti tsikulo linali ofu yanu. Ngati anakuitanani pa foni ndi uthenga, musaufufute.

Pitani kaye kwa kalaliki wa malipiro kapena kwa oyang'anira antchito. Kawirikawiri vuto limakhala loti kapitawo analemba tsikulo ngati tsiku wamba pa pepala la maola, ndipo makina okonzera malipiro anangotsata zimene anapatsidwa. Kukonza pepala limenelo kumafuna siginecha ya kapitawo yemweyo, choncho muyambe mwamufikira iyeyo mwaulemu. Ngati muli m'yuniyoni, pitani ndi nthumwi yanu.

Zikakanika pamenepo, nkhaniyo mupite nayo ku ofesi ya leba ya boma lanu, ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuziyanjanitsa, ndipo akalephera nkhani imatha kupita ku khoti la za ntchito ku Blantyre. Ngati munagwira anthu angapo tsiku limenelo ndipo nonse mwalipidwa mopereweza, pitani limodzi, aliyense ndi pepala lake, popeza malipiro a ola amasiyana munthu ndi munthu. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende sakhudzidwa ndi lamuloli, iwo ali ndi malamulo awoawo a ntchito.